Manejala akafotokoza mosavuta, oditala wamng'ono achite chiyani?

Funso: "Ndikuchita oditi pa kampani ina yogula chimanga kuno ku Chipata, ndipo ndapeza kuti matumba 400 akusowa pa chiwerengero cha m'nkhokwe. A manejala akuti anatumizidwa ku depoti ya ku Katete kuwerenga kusanachitike. Kodi ndiwakhulupirire?"

Achimwene, musatsutse mawu awo, komanso musawalembe ngati umboni. Muwauze mwaulemu kuti, "Bwana, ndithandizeni ndi mapepala ake kuti fayilo yanga ikwanire." Pemphani chikalata chotulutsira katundu chokhala ndi tsiku ndi nambala ya lole, tikiti ya pa sikelo, ndi chikalata cholandirira katundu cha ku Katete, ndipo chomalizachi muchitenge nokha kwa wosunga nkhokwe ya kumeneko osadzera mwa a manejala, chifukwa umboni wochokera kwa munthu wina umalemera kuposa wa amene akufunsidwayo. Malamulo a ISA 500, omwe amatsogolera maoditala pa nkhani ya umboni, amanena kuti kufunsa kokha nthawi zambiri sikukwanira.

Werengeraninso kulemera kwake: matumba 400 a makilogalamu 50 ndi matani 20, choncho tikiti ikasonyeza matani 12, nkhani ija yagwa.

Ineyo ndinavomerapo malongosoledwe otere pa kampani ina, koma pambuyo pake tinaona kuti nambala ya chikalatacho inali yaikulu kuposa manambala a zikalata zolembedwa mwezi wotsatira, kutanthauza kuti chinalembedwa titafunsa kale.

Mapepala akachedwa kapena akatsutsana, musanene munthu kuti waba. Lembani zimene mwaona ndi tsiku lake, ndipo mudziwitse wamkulu wa oditiyo tsiku lomwelo, poti nkhani yokayikira chinyengo ndi yake.