Chidule cha lipoti chikwane peji imodzi

"Anzanga ndithandizeni, chidule cha lipoti lathu la kafukufuku wa mijigo chafika mapeji anayi koma adayilekita akuti akufuna peji imodzi basi. Ndidule pati poti chilichonse chikuoneka chofunika?"

Asisi, musayambe ndi kudula ayi, mungotopa nazo. Tsegulani fayilo ina mulembe mwatsopano, chifukwa ndikukhulupirira mapeji anayiwo munawalemba potsata mmene ntchito inayendera, mbiri ya pulojekiti, zolinga, mmene munafunsira anthu, kenako zomwe munapeza, ndiye pempho lenileni lakabisala kumapeto kwa peji 4 komwe abwanawo safikako nkomwe. Iwo akuwerengera pafoni ali mgalimoto kuthamangira mitingi ya bodi, chomwe akufuna kudziwa nchoti avomereze chani, ndi ndalama zingati, pofika liti. Zimenezo zikhale mizere itatu yoyambirira.

Tiyerekeze chonchi, manambalawa ndangopeka, inu muikapo anu. Munayendera mijigo 120 ya pampu yopopa ndi manja ya mtundu wa Afridev, 36 sikutulutsa madzi, ndipo pa 36 imeneyo 27 inangofa ndi tizipangizo ting'onoting'ono ngati marabala ndi mabushi, 9 yokha ndiyo inaphwa. Ambiri amayamba ndi zoti "kafukufukuyu anachitika ndi cholinga chofuna kuunika mmene mijigo ikugwirira ntchito", mzere wonse wapita osanena kanthu. Inu yambani motere: "Tikupempha muvomereze kuti K60 miliyoni yomwe inali yokumbira mijigo yatsopano ipite kokonza mijigo 27 yomwe inawonongeka, ndipo yankho likufunika pofika pa 30 Seputembala kuti ntchito ithe mvula isanayambe." Ngakhale foni itawalirira pamenepo nkusiya kuwerenga, nkhani aimva kale.

Pansi pake muike zomwe munapeza, koma zokhazo zimene zikuikira kumbuyo pempholo, zitatu kapena zinayi zakwana. Mfundo iliyonse muifunse kuti, nditaichotsa iyi abwana angasinthe maganizo? Zoti mijigo 27 ikungofuna marabala zitsale chifukwa pempho lonse latsamira pamenepo. Zoti makomiti ambiri a mijigoyo alibe ndalama mthumba lokonzera zitsalenso, poti zikuonetsa kuti mukangokonza nkuchoka iwonongekanso. Koma zoti munacheza ndi mafumu angati, kapena kuti timu inavutika ndi misewu, ndikudziwa munakhetsera thukuta koma zibwerere mulipoti lalikulu, apa mungolemba "onani peji 14". Njira ya kafukufuku chiganizo chimodzi basi, mijigo ingati, dera liti, mwezi uti.

Ndipo mfundo iliyonse iziyamba ndi yankho lake osati kamutu chabe. "Mmene mijigo ilili" sizikunena kanthu, pamene "Mijigo itatu mwa khumi iliyonse sikugwira ntchito" munthu wamva ngakhale akungomwaza maso. Nambala imodzi pa mfundo, osaunjika 36 ndi 30 peresenti ndi tebulo pamwamba pake.

Pomwe anthu amalakwitsa kwambiri podula mpoti amachotsa chenjezo kuti pempho lioneke losalala. Ngati munayendera dera la mfumu yaikulu imodzi yokha, kapena munapita nthawi ya dzinja madzi ali pamwamba, nenani, chifukwa mu Okutobala yophwa itha kuposa 9 ija. Nenaninso zomwe akutaya akavomera, kuti midzi yomwe inalonjezedwa mijigo yatsopano idikira chaka china. Akakazimvera mubodi kwa munthu wina, chidule chanu chotsatira sadzachikhulupiriranso. Mizere iwiri yokwana.

Mawu ngati "pakufunika kulimbikitsa" kapena "kuganizirapo" achotseni, palibe amene angasayinire zimenezo. Lembani wochita, chochita ndi tsiku.

Za kukula kwake, peji ya A4 pa fonti 11 imanyamula mawu pafupifupi 500 mukaidzadza thothotho, koma inu lekezani pa 300 mpaka 350 kuti pakhale mipata yopumira maso. Mu Word dinani Ctrl+Shift+G muone kuti mawu afika angati. Chonde zochepetsa fonti kufika pa 9 nkufinya mamajini ayi, kumeneko nkukanikiza ufa wa thumba lonse mundowa, abwana angoona kuda bii nkuika pambali.

Mukamaliza fananizani nambala iliyonse ndi ya mulipoti lalikulu, zimachitika kuti chidule chikuti 27 tebulo la mkati likuti 28 chifukwa wina anakonza mbali imodzi. Kenako mupatseni mnzanu wa ku akaunti amene sanali nawo pa ntchitoyi awerenge mphindi ziwiri, mulande pepalalo mumufunse kuti tikupempha chani, ndalama zingati, liti. Akayamba ndi "mmm ndi nkhani ya mijigo eti", bwererani ku mizere itatu yoyamba ija mukakonze.