Mbande za matimati zikugwa pa nazale

"Amalume, mbande zanga za matimati kudimba kuno ku Likangala zinamera bwino, koma sabata yachiwiri ino zikungogwa masamba adakali obiriwira. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo, udzu wophimbira uja sindinachotse. Kodi ndi mbewu yoipa?"

Eee mphwanga, ndamva. Kulemba ndichedwa, ungomvetsera. Mbewu usainamizire ayi, mbewu yoipa nthawi zambiri imakanika kumera komwe.

Pita pabedipo uzule kambande kamodzi kamene kagwa, uyang'ane tsinde pamene pathera dothi. Ukaona kuti pamenepo pawonda ngati ulusi, pada, pali lobodolobodo ukakhudza, ndiye matenda owoletsa tsinde amenewo. Amabwera ndi tizilombo tam'dothi ta mtundu wa bowa, tosaoneka ndi maso. Ndipo uona kuti sizikugwa apa ndi apo, zikugwa chigulu malo amodzi, mawa malowo akula. Koma ukapeza tsinde lolimba bwinobwino, longodulidwa, imeneyo ndi mbozi yodya usiku. Ufukule pang'ono pambali pake, uipeza itadzipinda.

Kwa iwe ndikuganiza ndi matendawo, chifukwa tizilombo timeneti timakonda chinyezi chosauma ndi malo osapita mphepo, ndipo iwe watipatsa zonse ziwiri. Udzu uja ntchito yake inatha tsiku limene mbewu inayamba kutuluka, pakati pa masiku 5 ndi 8 chifesereni. Ukausiya, mbande zimatalika zofooka pofuna dzuwa, pansi pake posauma. Uwonjezepo madzi a madzulo aja: dothi likugona lonyowa usiku wonse, ndiye kuzizira kwa kuno ku Zomba, chiperoni chikabwera dzuwa osaoneka masiku angapo, ah, zimatha bedi lonse. Makande a kumadimba a kumunsi uko nawonso sataya madzi msanga.

Ndiye lero lomwe chotsa udzuwo, mosamala, usazule nazo mbande. Zimene zagwa sizidzukanso, ngakhale upopere chiyani. Uzichotse pamodzi ndi dothi lake, ndi zoyandikana nazo ngakhale zikuoneka zamoyo, ukataye kutali, osati pa manyowa. Kenako upatulire. Ndikudziwa zimapweteka kuzula mbande ya mbewu imene unagula ndi ndalama, koma pakati pa mbande ziwiri pazilowa zala ziwiri. Madzi ulekeze tsiku limodzi kapena awiri, pamwamba payere. Ukayambanso, m'mawa mokha, ndipo usanathire lowetsa chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, kheni ibwerere. Madzinso tunga oyera, osati a pachithaphwi chimene chili pambali pa dimba la matimati akale. Mankhwala a kopa amathandiza kuti zisafalikire, koma muyezo wake utsatire wolembedwa papaketi kapena ufunse alangizi, usachite zongoganiza pa mbande zanthete.

Ngati zagwa zoposa theka, ine ndingati usalimbane nalo, yamba bedi lina, malo ena. Pasakhale pamene panali matimati, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya zaka zapitazi, chifukwa matenda awo ndi ofanana ndipo amatsalira m'dothi. Bedilo likhale mita imodzi m'lifupi kuti uzifikira pakati osaponda, ndipo ulikweze masentimita 15 mpaka 20, madzi azitsetserekera m'ngalande. Manyowa akhale owolerana, amene ukafumbata akungoyoyoka osanunkha. Ndowe zaziwisi ayi ndithu.

Ukasalaza, unjika mapesi a chimanga ouma pamwamba, uwotche monga amachitira a fodya pa nazale zawo. Moto umenewo umapha tizilombo ta pamwamba ndi njere za udzu, koma sufika pansi kwenikweni. N'chifukwa chake ukatha kuwotcha usatembenuzenso ndi khasu, ungatulutse dothi la matenda lija. Dikira pazizire, uchotse phulusa lochuluka, ungopalasa pang'ono.

Pofesa usamwaze ngati mpiru. Lemba timizere ndi kamtengo, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuya sentimita imodzi basi, njere uzigwetsa imodziimodzi. Zikamera, ukafuna mthunzi umange kashedi kokwera kufika m'chiuno, udzu wake wopyapyala woti dzuwa lizidontha, m'mbali mosatchinga. Sabata iliyonse uzichepetsa udzuwo. Tsinde likakhwima, matendawa mphamvu zimawathera, ndiye masabata awiri kapena atatu oyambawa ndi amene uyenera kukhala maso.

Zikamayandikira masabata anayi, masamba enieni anayi kapena asanu, uchotseretu shedi ndi kuchepetsa madzi kwa sabata imodzi kuti zilimbe, kenako uwokere madzulo. Yatsinde lodera pansi usaitengere kumunda ngakhale itaima.

Unditumizire chithunzi cha tsinde lija, ujambule pafupi, mizu ionekenso. Uwapatse moni amayi ako.