Laputopu ya m'nkhani yanu isasanduke yatsopano

"Ndikulemba nkhani yaifupi ya mtsikana wa ku koleji yemwe ali ndi laputopu yakale yochedwa kwambiri. Ndikufuna asinthe maonekedwe a pa sikirini kukhala opepuka, kenako ayambe kuikonda. Kodi zimenezi zimathekadi, kapena odziwa makompyuta andiseka?"

Zimatheka ndithu, koma adzakusekani mukalemba kuti laputopuyo inayamba kuthamanga ngati yatsopano. Maonekedwe sawonjezera RAM ndipo sasintha purosesa. Chimene amachotsa ndi kachedwedwe kaja ka pakati pa kudina ndi kuona chimene mwadinacho, ndipo nkhani yanu ikhazikike pamenepo, chifukwa kachedwedwe kameneka ndi komwe kamapsetsa munthu mtima tsiku lonse.

Mupatseni makina enieni. Tinene kuti ndi laputopu ya RAM ya 4 GB, sikirini ya 1366x768, hadi disiki yozungulira ija, ndipo muli Windows 10. Laputopu yotere nthawi zambiri ilibe khadi lapadera la zithunzi, choncho zokongoletsa zonse zimadya nawo RAM yomweyo imene mtsikanayu akulembera ntchito ya m'kalasi. Akadina Start, menyu imatuluka monjenjemera. Akakoka windo, limatsalira m'mbuyo mwa chala chake. Lembani zimenezi, osati kungoti "inali yochedwa".

Choyamba alowe mu Settings, Personalization, Colors, n'kuzimitsa Transparency effects. Izi ndi zija zimachititsa kuti mzere wa m'munsi uzionekera ngati galasi lachifunga, ndipo kuti zitero kompyuta imajambula zakumbuyo n'kuzifafaniza nthawi iliyonse chinthu chikasuntha. Kenako adine batani la Windows pamodzi ndi R, alembe izi n'kudina Enter:

```
sysdm.cpl
```

Pa Advanced, pansi pa Performance, adine Settings n'kusankha Adjust for best performance. Timabokosi tonse tidzachotsedwa chizindikiro nthawi imodzi: mithunzi ya mawindo, kuzimiririka pang'onopang'ono kwa menyu, kuuluka kwa windo politsitsa.

Apa ndiye pali mphatso yanu ngati mlembi. Akangodina Apply, zilembo zonse zidzanyansa. Zidzaonda, m'mphepete mwake mudzaoneka mano ngati a sowo, ndipo zithunzi za m'mafoda zidzasanduka tizizindikiro tofanana tokhatokha moti sangadziwe kuti chithunzi cha notsi ndi chiti. Aliyense amene anachitapo zimenezi amadziwa mantha ake, oganiza kuti waononga chinthu chomwe alibe china cholowa m'malo mwake. Musiyeni avutike kwa ndime imodzi kapena ziwiri. Kenako abwerere pamndandanda uja, awerenge mzere ndi mzere, abwezeretse ziwiri zokha: Smooth edges of screen fonts ndi Show thumbnails instead of icons. Zilembo zidzasalalanso, koma menyu idzapitiriza kutseguka pomwepo, osazengereza. Kwa ine pamenepa ndi pamene laputopu imakhala yake, chifukwa wasankha yekha chokongola chimene akufuna kulipirira ndi mphamvu zochepa za makinawo.

Musalembe kuti anasankha mtundu wakuda kuti batire lizikhalitsa. Pa sikirini ya LCD ya malaputopu akale nyali yakumbuyo imayaka chimodzimodzi, kaya tsamba ndi loyera kaya lakuda. Mtundu asankhe umene maso ake akumva nawo bwino. Ngati nkhaniyo ikuchitika m'nthawi ya Windows 7, yomwe inatuluka mu 2009, kusinthako kumaoneka kwambiri, chifukwa kuchoka pa maonekedwe agalasi otchedwa Aero kupita pa Windows 7 Basic kunkazimitsiratu zagalasi zonse. Kuyambira pa Windows 8 gawo lojambula mawindo, `dwm.exe`, silizimitsika, mumangolichepetsera ntchito.

Zina zisiyeni zochedwa. Laputopuyo izichedwabe kuyaka m'mawa, chifukwa uko ndi kuchedwa kwa hadi disiki. Akatsegula masamba ambirimbiri a intaneti iziumabe. Mutha kumuonetsa akudina Ctrl+Shift+Esc, n'kupeza kuti mu Task Manager mzati wa Disk wafiira pa 100%, CPU ili phee. Pamenepo adzadziwa kuti vuto limenelo maonekedwe sangalithe, lifunika SSD, disiki yothamanga yosazungulira, imene mwina sangaikwanitse temu ino. Owerenga odziwa makompyuta adzakukhulupirirani chifukwa cha ndime imeneyi kuposa ina iliyonse.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: musabweretse mnyamata katswiri woti adzamukonzere. Masitepe onsewa munthu amawatha yekha m'mphindi zochepa, ndipo mukamuika wina pakati, mantha aja a zilembo zonyansa adzatha msanga, popeza katswiriyo adziwa kale bokosi loyenera kudina.