Chithunzi chaching'ono sichibereka mapikiselo atsopano

"Ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo anga, ali pagulu la anthu, koma ndi kakang'ono, foni ikuti 400 x 300. Ndikakakulitsa nkhope yawo imangoti mbuu. Kodi pali pulogalamu yoti ingatulutse maso awo bwinobwino kuti ndikasindikize?"

Pepani kwambiri za agogo. Yankho langa silikoma koma ndinene basi: palibe pulogalamu yotero, ndipo vuto si loti mapulogalamu ndi ofooka ayi, vuto ndi loti zomwe mukufunazo mufayilomo mulibe.

Tiyeni tiwerengere chithunzi chanu chomwecho. 400 x 300 zikutanthauza timadontho 400 chopingasa ndi 300 chotsika, timeneti ndi tomwe timati mapikiselo, onse pamodzi 120,000. Pikiselo iliyonse imasunga mtundu umodzi wokha, ilibe kachithunzi kena kobisika mkati mwake koti muzumu n'kukapeza. Ndiye poti agogo ali pagulu, tiyerekeze kuti nkhope yawo yatenga mapikiselo 20 m'lifupi. Diso la munthu limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nkhope, ndiye kuti diso lonse, chikope, nsidze za m'mphepete, kakuda ka pakati, zonsezo zapanikizana m'mapikiselo anayi basi m'lifupi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kuwala kochokera pa tinthu tosiyana kukagwera papikiselo imodzi kumasakanikirana n'kukhala nambala imodzi. Tinene kuti 0 ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee. Ngati theka la pikiselo linagwera pakakuda ka diso, tinene 20, theka lina pa choyera cha diso, tinene 220, fayilo imasunga 120. Koma khungu chabe la 110 ndi 130 nalonso limapereka 120 yemweyo! Ndiye lero kompyuta ikaona 120 idziwa bwanji kuti panali mphepete mwa diso kapena tsaya? Siingadziwe, ngakhale inuyo nditakuuzani kuti ndaphatikiza nambala ziwiri ndapeza 240 simungandiuze kuti zinali ziti.

Nanga pokulitsa chimachitika n'chani? Mukati chikule kanayi, chimakhala 1600 x 1200, mapikiselo 1,920,000, kuchulukitsa ka 16. Ndiye kuti pa mapikiselo 16 aliwonse, imodzi ndi yomwe ili ndi chochokera ku kamera, 15 enawo pulogalamu yangodzaza poyang'ana oyandikana nawo. Mukasankha njira yokulitsira yotchedwa Nearest Neighbor imangokopera pikiselo yapafupi, n'chifukwa chake mumaona timabokosi. Bilinear imatenga oyandikana anayi n'kupeza zapakatikati, mwachitsanzo pakati pa 100 ndi 200 iyikapo 125, 150, 175, timabokosi timatha koma ndi mbuu mukunena uja. Bicubic imayang'ana 16, imaoneka bwinoko, ine ndimagwiritsa imeneyo, komabe nkhope ya mapikiselo 80 yomwe yatulukayo ili ndi nkhani ya mapikiselo 20 omwe aja.

Ena akuuzani kuti dinani Sharpen. Iyo imangodetsa mbali yakuda ndi kuyeretsa mbali yoyera pomwe pali kale malire, maso amanamizika kuti chawala. Mukaonjeza muona kamzere koyera kozungulira mutu ndi mapewa, ndi timadontho tachabechabe ta JPEG tikuonekera kwambiri, ameneyo ndi umboni woti mwapyola. Ndipo wina akakubwezerani chithunzi chomwechi chili ndi makwinya ndi nsidze zooneka tsitsi limodzilimodzi, dziwani kuti zajambulidwa mongoganizira, chikhoza kukongola ndithu koma muyang'anitsitse, mwina nkhopeyo si ya agogo anunso. Zija za m'mafilimu wapolisi akuzuma mpaka nambala ya galimoto kuwerengeka, aaa, zimandiseketsa.

Chomwe ndingakulangizeni n'choti musake gwero. Kamera kapena foni yeniyeni kawirikawiri sijambula kakang'ono chonchi, ndiye n'kutheka kuti kanuko kanachepetsedwa potumizirana kapena ndi sikirinishoti chabe. Funsani abale amene anajambula, akutumizireni fayilo yoyambirira ngati dokyumenti kuti isafinyidwe panjira. Ngati chinachokera pa chithunzi chapepala ndiye bwino kwambiri, pepala la mainchesi 6 kulisikana pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, likupatsani mapikiselo 3600 m'litali, ndipo amenewo akuwerengedwa kuchokera pa zomwe zilipodi papepalapo, ngakhale pepala nalonso lili ndi malire ake.

Zikakanika zonsezi, sindikizani chaching'ono. Osindikiza amakonda mapikiselo 300 pa inchi, ndiye 400 anuwo akukwana masentimita pafupifupi atatu ndi theka okha. Mukachikoka kufika masentimita 15 mutsala ndi mapikiselo pafupifupi 68 pa inchi, chooneka mbuu ndithu mukachigwira m'manja, koma chili mufulemu pakhoma munthu ataima patali pang'ono agogo azindikirika. Musadule kuti mutsale ndi nkhope yokha, siyani gulu lonselo momwe lilili.