Holo yayitali koma usiku ikuoneka ngati yatitimira: vuto si kuchepa kwa mababu

"Achimwene, ndili mu komiti yoyang'anira holo ya pa mpingo pathu kuno ku Area 25. Ndi mamita 24 mulitali, 12 mulifupi, ndipo siling'i ili pa mamita 7. Mawindo ali m'mwamba, amayambira pa mamita 4.5 kulekezera pa 6. Tinapachika mababu 16 pa mapaipi otsika mpaka mamita 3.5, koma usiku holo imaoneka yaifupi ngati shedi, masananso kumwambako kumangokhala bii. Elekitirishani akuti tiwonjezere mababu. Tipange bwanji kuti kutalika kwake kuzioneka?"

Amayi, mababu owonjezerawo musagule kaye chonde, chifukwa mukawonjezera pamalo omwewo holo ifupika kuposa panopa. Diso la munthu silidziwa kutalika kwa nyumba poona pansi ayi, limakwera ndi khoma mpaka pomwe khomalo lakumana ndi siling'i, ndiye likapeza mzere umenewo ndi pomwe mumamva mumtima kuti eee nyumbayi ndi yayitali. Kwanuko diso likukwera n'kukathera pa mamita 3.5 pomwe pali mababu, kuseri kwake mdima, basi mutu umangotenga mzere wa mababuwo ngati ndiye denga. Theka la holo munalilipira njerwa ndi simenti koma usiku kulibe. Ndipo mababu akawala kwambiri kamwana ka m'diso kamachepa, mdima wa kumwambawo n'kuderatu bii.

Masana ndi nkhani yomweyo kungoti wolakwa amasintha. Windo likuonetsa thambo la Lilongwe la mu Okutobala, loyera mbee, pambali pake pali khoma lomwe silikulandira kuwala kulikonse poti kuwalako kumadutsa n'kukagwera tsidya linalo, ndiye diso limazolowera windolo ndipo khoma lozungulira ndi kachigawo ka mita imodzi ka pamwamba pa mawindo zimasanduka zakuda. Muyese mawa cha m'ma 10, muime pakati pa holo, mutchinge mawindo ndi dzanja, muona siling'i ikutulukira pang'onopang'ono.

Musanaitane elekitirishani itanani wopenta. Simunanene mtundu wa siling'i koma maholo ambiri omwe ndalowamo siling'i imakhala ya vanishi wa bulauni kapena kirimu yemwe anada kalekale ndi fumbi. Penti yoyera yosanyezimira imabweza pafupifupi magawo 8 pa 10 a kuwala komwe kwaigunda, pomwe thabwa lakuda la vanishi limabweza mwina magawo 2 okha, enawo limameza. Ndiye kuloza nyale ku siling'i yakuda ndi kuwotcha mayunitsi chabe. Pentani siling'i yonse ndi khoma kuyambira mamita 3 kupita m'mwamba, ndipo musaiwale m'mbali mwa mawindo, timakoma tating'ono tolowa mkati tija, chifukwa ndi timene timafewetsa kusiyana kwa galasi lowala ndi khoma. Ikhale penti ya madzi yosanyezimira, osati ya mafuta ya gulosi, imeneyo imaonetsa nyale iliyonse ngati pagalasi ndipo mabampu onse a pulasitala amaonekera.

Tsopano nyale. Muziganiza kuti pali ntchito ziwiri zosiyana, ina younikira anthu pansi, ina younikira nyumbayo, ndipo iliyonse ikhale ndi nyale zake ndi swichi yake.

Za pansizo zibwerere kumwamba. Chotsani mapaipi aja, nyale zikhale pa mamita 6.5 kapena pa siling'i penipeni. Ndikudziwa chomwe anazitsitsira, babu wamba ukamukweza amafooka msanga, mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kofika pansi pake kumatsala gawo limodzi mwa anayi, komanso kusintha babu pa mamita 7 si masewera. Koma yankho lake ndi nyale zopangidwira nyumba zazitali, zozungulira ngati mbale zija mumaziona m'mawehausi ku Kanengo, pa katoni pamalembedwa LED high bay. Kuwerengera kwake sikovuta. Kuwala kofika pamalo timayeza mu malakisi, kotuluka mu nyale mu malumeni, ndipo holo yoti anthu aziwerengamo Baibulo ndi buku la nyimbo, mwinanso ana kulembamo mayeso, malakisi 300 ndi abwino. Pansi panu ndi 24 kuchulukitsa ndi 12, masikweya mita 288, kuchulukitsa ndi 300 mupeza malumeni 86,400 omwe akuyenera kufika pa mabenchi. Koma si onse otuluka mu nyale amafika, ine ndimawerengera kuti 0.6 ndi omwe amafika m'holo ya makoma oyera, kenaka 0.8 chifukwa cha fumbi ndi kukalamba kwa nyale, ziwirizi pamodzi ndi 0.48. Mukagawa 86,400 ndi 0.48 mupeza 180,000. Ndiye kuti nyale 12 za malumeni 15,000 imodzi, mizere iwiri ya nyale 6, mzere uliwonse mamita 3 kuchoka ku khoma lalitali, nyale zotalikirana mamita 4. Posankha tengani zomwaza kuwala kotambalala, madigiri 90 kapena 120, kuti kwina kuzigwera pa makoma, ndipo zikhale ndi chivindikiro choyera ngati mkaka kuti wokhala kumbuyo akamayang'ana ku guwa zisamamuthobwe m'maso.

Koma mukalekera pamenepa siling'i ikhalabe yakuda ndithu, poti mbale zimenezi zonse zimayang'ana pansi. Apa ndi pomwe maholo ambiri amalekera, ndipo ndi pomwe pagona funso lanu.

Pakati pa windo ndi windo pali khoma kapena chipilala. Pamenepo, pa mamita 3.5 mpaka 4 kuchoka pansi, mangani mafuladilaiti oyang'ana kumwamba. Malo ofunika kuwaunikira ndi siling'i ya masikweya mita 288 ija kuphatikiza makoma a kumtunda, mamita 72 kuzungulira holo kuchulukitsa ndi mamita 3, zomwe ndi 216, zonse pamodzi tingoti 500. Kumeneko sikufunika malakisi 300, ine ndimafuna siling'i ikhale ndi pafupifupi kota ya kuwala kwa pansi, tinene malakisi 75. Ndiye 500 kuchulukitsa ndi 75 ndi 37,500, kuwonjezerapo zotayika m'magalasi ndi fumbi mufika cha m'ma 54,000. Mafuladilaiti 12 a malumeni 4,500, omwe nthawi zambiri amakhala a mawati 50, asanu ndi limodzi khoma lililonse lalitali, otalikirana mamita 4. Ndi mawati 600 basi onse pamodzi. Ngati zipilala zanu sizikugwera pa mamita 4 tsatirani zipilalazo, musatsatire nambala yangayi, nyale isakhale pansi pa windo chifukwa usiku galasi ndi dzenje, kuwala kumangotuluka kukaunikira mitengo panja.

Kalozedwe kake ndiye pamafunika kudekha, ndipo ndikupemphani mukhalepo nokha tsiku limenelo, madzulo kutada. Fuladilaiti ukaigunditsa kukhoma n'kuiloza tsonga kumwamba, imapanga chibanga chowala kwambiri pakhoma pamwamba pake penipeni, kenaka kuwala kumafa isanafike siling'i, holo n'kumaoneka ngati yayatsidwa makandulo 12. Muitulutse pa kabulaketi ka masentimita 30 mpaka 40 kuchoka kukhoma, ndipo muipendeketse madigiri 20 mpaka 30 kulowera pakati pa holo, kuti ya kumanzere ndi ya kumanja zikakumane pakati pa siling'i koma mphepete mwa kuwalako muzikhudzabe khoma la kumtunda ndi ngodya ija yomwe diso likufuna. Mukapendeketsa kwambiri, munthu wokhala tsidya linalo kapena m'busa ataima pa guwa lokwera aziona maso a nyaleyo. Kuyesa kwake yendani holo yonse, mukwerenso pa siteji, paliponse pomwe mukuona timadontho towala ta LED ndiye kuti yapendekeka mopitirira, ibwezeni kapena wowotcherera akupangireni kachitsulo kotchinga kutsogolo kwake. Khoma la kumbuyo kwa guwa mulipatse ziwiri zake ngati ndalama ilipo, chifukwa ndi lomwe mpingo wonse umayang'ana maola awiri, likawala kuchokera pansi mpaka pamwamba kutalika kwa holo kumamveka ngakhale munthu asadzutse mutu.

Ine ndinaziphunzira pa holo ina ya sukulu komwe tinaika nyale zoyang'ana kumwamba zotsegula ngati beseni, zinali bwino kwambiri mwezi woyamba. Mvula yoyamba itagwa ngumbi zinalowa pa mawindo a malova aja, ndipo nditakwera pa makwerero patapita masabata atatu ndinapeza beseni lililonse ladzaza mapiko ndi fumbi lofiira, lochindikala ngati chala, siling'i itabwerera mdima wake. Chiyambire pamenepo ndimangoika zotsekedwa ndi galasi lafulati, zolembedwa IP65, kutanthauza zosalowa fumbi ndi madzi owazidwa, ngakhale zili m'nyumba, poti nsanza yonyowa imodzi yakwana. Pa mamita 3.5 makwerero wamba amafika, ndiye muike pa ndandanda wa osesa kuti azipukuta kumapeto kwa Okutobala fumbi likachuluka komanso ngumbi zikatha.

Mtundu wa kuwala ukhale umodzi holo yonse, woyera wapakatikati womwe pa katoni amalemba 4000K, pansi ndi kumwamba komwe. M'mashopu ambiri mupeza 6500K, yoyera mopita ku buluu ija, ndipo mukasakaniza ndi 3000K yachikasu siling'i imaoneka ngati chinthu china chapadera chomwe chaikidwa pamwamba pa holo, pomwe ife tikufuna khoma ndi siling'i zioneke chinthu chimodzi chokwera. 4000K imagwirizananso ndi kuwala kwa dzuwa, zomwe ndi zofunika chifukwa mafuladilaitiwa muziwayatsa masananso pa mwambo waukulu monga ukwati, mbale zounikira pansi zija zili zozima, kuti khoma lozungulira mawindo lisade. Ndi chifukwa chake ndinati swichi yake payokha. Ndiponso magetsi akazima, mawati 600 jenereta yaing'ono imanyamula bwinobwino, ndipo kuwala kobwerera kuchokera ku siling'i yoyera kumakwana kuti anthu azionana nkhope ndi kuyenda, ngakhale sikokwanira kuwerengera tizilembo ting'onoting'ono.

Za dzuwa lolowa pa mawindo zimadalira komwe ayang'ana. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, ndiye masana dzuwa limakhala pamutu miyezi yambiri, koma mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto ndipo limalowa pa mawindo a mbali imeneyo. Ovuta kwenikweni ndi a kummawa ndi kumadzulo. Ngati ndi amenewo musaike makatani olemera a maruni aja, amapha kumwamba konse, ikani nsalu yoyera yopyapyala, masana imamwaza dzuwa kupita ku siling'i ndipo usiku imabweza kuwala kwa mafuladilaiti m'malo moti galasi likhale dzenje lakuda.

Musanatulutse ndalama ya komiti, bwerekani mafuladilaiti awiri ndi ekisitenshoni, mumangirire pa makwerero awiri moyang'anizana pa mamita 3.5, muzimitse mababu 16 aja, muitane a komiti aime pakhomo. Pafoni ikani ka apu koyezera malakisi, sikalondola kwenikweni koma poyerekeza malo awiri kamathandiza, muyeze pa benchi kenaka wina akwere aloze foni ku nyale ali pafupi ndi siling'i. Pogula muziwerenga malumeni pa katoni osati mawati okha, ndipo imodzi muiyatse m'shopu momwemo pambali pa ya kampani ina, chifukwa zolembedwa mawati 50 zina zimawala ngati za 30. Mundilemberenso mundiuze mtundu wa siling'i yanu ndi komwe mawindo ayang'ana, tione ngati nsalu ikufunika mbali zonse kapena imodzi.