Mwana wachedwa kulankhula: n'kuchedwa chabe kapena ndi otizimu?

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi 10 koma sanayambe kutchula mawu omveka. Kusikelo atiuza kuti tipite naye akamuone sabata yamawa. Apongozi akuti bambo akenso anachedwa, koma ine ndikuopa otizimu. Kodi akasiyanitsa bwanji? Ndili ku Chibavi."

Mayi, otizimu ndi vuto la kakulidwe limene limakhudza mmene mwana amachezera ndi kumvana ndi anthu. Ine ndine namwino woona za ana, ndipo chimene ndimayang'ana choyamba si kuchuluka kwa mawu amene mwana akutchula, koma ngati amayesetsa kuti amvane ndi munthu ngakhale mawuwo palibe. Mwana amene wangochedwa kulankhula amalankhula ndi thupi lonse: amaloza, amagwedeza mutu, amakubweretserani chinthu kuti muchione, ndipo akachita chachilendo amatembenuka kuti aone nkhope yanu.

Ndikupatseni chitsanzo cha ana awiri a msinkhu wa mwana wanuyo, onse osalankhula. Aliyense ndinamupatsa botolo loonekera m'kati, lotsekedwa mwamphamvu, muli bisiketi. Woyamba atalephera kutsegula anapita nalo kwa mayi ake, kuwayang'ana kumaso, kuyang'ana botolo, kuwayang'ananso uku akudandaula. Nditaloza pawindo n'kunena kuti "taona uko," anatsatira chala changa, ndipo nditamupatsa chidole ndi supuni anayamba kuchidyetsa ngati phala. Wachiwiri anagwira dzanja la mayi ake n'kuliika pachitsekerero ngati kuti dzanjalo ndi chipangizo, osakweza maso n'komwe. Tinamuitana dzina katatu osatembenuka, chonsecho pepala la bisiketi litangolira kumbuyo kwake anacheuka msanga, ndipo galimoto yoseweretsa anaigadabuza n'kumangozunguza tayala limodzi. Woyamba tinamutumiza kukayezetsa makutu n'kupangana kuti abwerenso pakatha miyezi itatu, pamene wachiwiri tinamutumiza kukayezetsa makutu komanso kwa akatswiri osadikira.

Kuloza kuli mitundu iwiri, ndipo pamenepa ndi pamene makolo ambiri amayankha molakwa mosadziwa. Pali kuloza kopempha, monga kuloza nthochi chifukwa akuifuna, ndipo pali kuloza koonetsa, monga kuloza ndege kapena galu kenako n'kukuyang'anani kuti musangalale naye. Kwachiwiriku n'kumene timafunsa kwenikweni, ndipo ana ambiri amakhala atayamba pofika miyezi 18. Muganizirenso ngati panali zimene ankachita kale, monga kunena "amama" kapena kubayibitsa, n'kuzisiya, chifukwa kubwerera m'mbuyo kotereku sitikudikirira.

Palinso mwana amene amachedwa pa zonse: anachedwa kukhala, kukwawa ndi kuyenda, mwina chifukwa chobanika pobadwa, kunyentchera kapena malungo aakulu. Ameneyu amachita ngati mwana wocheperapo msinkhu, komabe amamwetulira mukamumwetulira ndipo amafuna anthu. Pa otizimu kakulidwe kamakhala kosalingana, mwana amathamanga ndi kukwera pampando bwinobwino, koma kucheza ndi kumvana ndi anthu n'kumene kwatsalira.

Makutu ayezedwe ndithu, makamaka ngati ankatuluka mafinya kapena mwanayo anadwalapo matenda oumitsa khosi. Mwana wosamva bwino satembenukanso akaitanidwa, koma amayang'anitsitsa nkhope za anthu kuposa anzake, chifukwa ndi mmene amadziwira zimene zikuchitika. Koma za kulankhula Chitumbuka ndi Chichewa m'nyumba imodzi, monga timachitira ambiri kuno, zisakudetseni nkhawa, pakuti zilankhulo ziwiri sizibweretsa otizimu, ndipo powerenga mawu a mwana timaphatikiza a zilankhulo zonse. Zimene anena apongozi zikhoza kukhala zoona, poti kuchedwa kulankhula kumayendadi m'magazi, koma sizikuyankha funso la kuloza ndi kuyang'ana kumaso.

Amene akamuone mwana wanuyo mwina adzagwiritsa ntchito mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R, amene anakonzera ana a miyezi 16 mpaka 30. Mayankho odetsa nkhawa akakhala awiri kapena ocheperapo, chiopsezo n'chochepa. Akakhala 3 mpaka 7 amafunsanso mozama. Akafika 8 mwana amatumizidwa kwa akatswiri. Mafunsowa amangosefa, satsimikiza kuti mwana ali ndi otizimu, ndipo mwana wanjala, watulo kapena woopa chipinda chachilendo akhoza kuoneka mosiyana ndi mmene alili, n'chifukwa chake zimene inu mumaona kunyumba timazilemekeza kwambiri. Kuno ku Mzuzu a St John of God ali ndi malo othandizira ana a vuto la kakulidwe, choncho mungafunse za kalata yopitira kumeneko ngati pafunika.

Masiku atsalawa muzimuitana dzina ali pamasewero, muli kumbuyo kwake, osamugwira, ndipo mulembe kuti watembenuka kangati mwa maulendo khumi. Mujambule pafoni kanema wamfupi akusewera ndi anzake. Popita mutenge buku lake la kusikelo, mumudyetse musananyamuke, ndipo ngati masana amakhala ndi agogo kapena wantchito, ameneyo apite nanu.