Malipiro a ku Lilongwe ndi thumba la chimanga la ku Zomba

"Ndimagwira ntchito ku Zomba, ndimalandira K480,000 akachotsa zonse. Kampani ina ya ku Kanengo ku Lilongwe yandilemba, akuti azindipatsa K950,000. Kuno timakhala m'nyumba ya makolo, akazi anga amagulitsa kaunjika, mwana woyamba ali sitandade 8. Ndiwerengere bwanji kuti ndidziwe ngati kupitako kuli ndi phindu?"

Achimwene, kalata yanuyi ndaiwerenga mtima ukugunda, chifukwa msewu umenewu ndinauyenda. Nanenso ndinachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe kalata ya ntchito ili m'thumba. Abwana amene anandilemba anandiuza pakamwa kuti ndalama yosamukira andipatsa ndikangofika. Nditafika, a muofesi yowerengera chuma anandifunsa kuti zimenezo zalembedwa pati. Lole imene inanyamula mabedi ndi mipando ndinailipira ndi ngongole, ndipo ndinaibweza movutika malipiro anga ali okwera kuposa kale. Mpaka lero zimandiwawa kuti olemba ntchito amaona kusamutsa banja la munthu ngati kusuntha tebulo. Chilichonse chimene akulonjezani, chikhale m'kalata yosayinidwa musanasiye ntchito ya ku Zomba.

Tiyambe ndi K950,000 imeneyo. Ndalama imene mukulandira pano mwaitchula atachotsa zonse, koma ya m'kalata za ntchito kawirikawiri imakhala isanachotsedwe kalikonse. Pamenepo padzachoka msonkho, padzachoka 5 peresenti ya penshoni imene lamulo limati wantchito azisonkha, mwinanso ya chipatala. Apempheni akulembereni ndalama yeniyeni imene izilowa ku banki. Kuti tiwerengere, tinene kuti atero n'kukuuzani kuti ndi K700,000. Ndiye kuti chimene mwawonjezera ndi K220,000 basi, osati K470,000 imene mutu wanu wakhala ukuwerenga usiku.

Tsopano K220,000 imeneyo ikalipire zonse zimene ku Zomba mumapeza ulere, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri saonapo. Chinthu chimene sulipira suchiwerenga. Ife ku Zomba chimanga chinkachokera kumunda, thumba likatha timangotsitsa lina. Ku Lilongwe ndinaphunzira kuti banja la anthu asanu limatha pafupifupi thumba la makilogalamu 50 pa mwezi, ndipo mtengo wake mu Febuluwale si wa mu Meyi. Mwana akadwala, agogo ake ankabwera osaitanidwa, akazi anga n'kupita ku geni yawo. Ku Lilongwe kunalibe wogogoda pakhomo pake. Tinalemba mtsikana wantchito, amenenso ankadya nafe ndi kusamba sopo wathu. Ngakhale masamba a nkhwani amene kwathu tinkathyola kuseri kwa bafa tinayamba kugula pamulu. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba, mulembe chilichonse chimene chimalowa m'nyumba mwanu popanda kutulutsa ndalama, kenako muchiike mtengo wa pamsika.

Ndipo kaunjika wa alamuwo musamutenge ngati kanthu kongonyamula m'chikwama. Geni imakhala mwa makasitomala, anthu amene amadziwa kuti belo latsegulidwa Loweruka ndipo amatenga pangongole n'kudzalipira kumathero a mwezi. Anthu amenewo atsala ku Zomba. Ku Lilongwe adzafunika malo pamsika, ndipo ogulitsa kaunjika kumeneko ndi ambirimbiri. Ine ndikanati muwerenge kuti phindu lawo lidzakhala ziro kwa miyezi ingapo. Ndimakwiya ndikamva amuna akunena kuti "akayambiranso komweko" ngati zaka zimene mkazi wamanga geni yake si kanthu. Nkhaniyi ndi yawonso, ndipo ali ndi ufulu wokana.

Nyumba ndi thiransipoti muziwerenge pamodzi

Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Ku Zomba munthu umatha kuyenda pansi kuchoka ku Chinamwali kufika m'tauni ngati mthumba mwauma. Ku Lilongwe ukapeza nyumba yotsika mtengo ku Eliya 36, ku Chinsapo kapena ku Likuni, kuti ufike ku Kanengo ukwera minibasi yofika m'tauni, kenako ina yopita ku Kanengo, madzulo chimodzimodzi. Tiyerekeze, ndipo mitengo yeniyeni muifufuze nokha sabata ino: nyumba ya ku Eliya 36 ili K150,000, ulendo uliwonse K1,500. Maulendo anayi pa tsiku ndi K6,000, pa masiku 22 a ntchito ndi K132,000. Zonse pamodzi K282,000. Nyumba ya ku Eliya 25, kufupi ndi Kanengo, tinene ili K220,000, ulendo K1,000 kupita ndi K1,000 kubwera, ndiye K44,000 pa mwezi. Zonse pamodzi K264,000. Nyumba yodulayo ndiyo yotchipa, komanso mumafika pakhomo ana asanagone. Mafuta akasowa, makondakitala amakweza mtengo tsiku lomwelo, ndipo wokwera kanayi ndiye amalira kwambiri.

Koma taonani: ngakhale K264,000 imeneyo yadutsa kale K220,000 imene mwawonjezera. Simunagule chimanga, makala, mayunitsi a magetsi ndi madzi, simunachotse phindu la kaunjika. Pa mawerengedwe amenewa, ntchito ya K950,000 ikusaukitsani.

Pali ndalama inanso ya tsiku loyamba. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndiye K660,000 musanalandire malipiro ngakhale amodzi. Madobadoba amafuna yawo yokuonetsani nyumba. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene wangokuonetsani zithunzi. Pitani nokha, tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, funsani oyandikana nawo kuti amatuluka nthawi yanji, ndipo muone ngati mita ya magetsi ndi yanu nokha kapena ya mabanja atatu. Mita yogawana imadanitsa anthu.

Ambiri akakuuzani kuti pitani nokha, banja litsale. Kwa kanthawi ndi nzeru, ndipo kwa inu n'kofunikadi, pa zifukwa ziwiri. Mwana wa sitandade 8 mayeso ake a MANEB amalembetsa pa sukulu imene ali, ndipo kumusuntha pakati pa chaka n'kumusokoneza pachabe. Chachiwiri, lamulo la ntchito la 2000 limalola nthawi yoyesedwa kufika miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo akhoza kukuchotsani popanda notisi. Koma musanamizidwe kuti kukhala nokha n'kotchipa. Mudzakhala ndi mbaula ziwiri zoyaka, lendi ya chipinda chanu, ndi basi yopita ku Zomba mwezi ndi mwezi. Ine ndinakhala choncho poyamba, ndipo chimene sindinachiiwale ndi mwana wanga wamng'ono kubisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake nditafika Lachisanu usiku. Ngati mutero, gwirizanani tsiku lenileni limene kupatukanaku kudzathe.

Ndiye chochita n'chiyani? Tengani pepala, gawani pakati, Zomba uku Lilongwe uku, ndipo muyerekeze ndalama yotsala pa 30, osati malipiro. Mbali ya Lilongwe muiwonjezere pang'ono, poti tonse tinaona zimene mitengo inachita kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kenako bwererani kwa a ku Kanengo pepalalo lili m'manja, mupemphe ndalama ya nyumba, yosamukira, ndi kuti akubwerekeni lendi ya miyezi itatu muzibweza pang'onopang'ono. Akavomera, pitani nokha kaye, banja lidzabwere mwana akalemba mayeso, sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Akakana zonse, ine sindingapite, pokhapokha ngati ntchitoyo ili ndi mwayi wokwezedwa umene mungautchule dzina lake ndi chaka chake.